Kodi ndi positi iti yomwe yandigulitsira kachewere?

Nambewe wa ku Bembeke:
Mwaswera bwanji apagulu. Ndithandizeni nzeru inu odziwa za mapeji a Facebook. Mwezi wathawu ndalandira maoda 21 a kachewere, ambiri ndi anyamata a chiwaya a ku Lilongwe. Ndinaika zinthu zinayi: vidiyo tikukumba kumunda, chithunzi cha matumba chokhala ndi mtengo, positi ina yomwe ndinalipira K20,000 kuti ayibusite, ndiye kuti Facebook iyionetse kwa anthu ambiri, ndiye sitetasi ya pa WhatsApp. Pano mnyamata yemwe anandibusitira ndi khadi lake la kubanki akuti ndimupatsenso K20,000 tibusite kachiwiri, akuti inayenda bwino chifukwa anthu 14,000 anaiona. Ndipereke kodi?

Gift Maseko:
Perekani amayi, musachedwe. Anthu 14,000 ndi masewera? Ngakhale tsiku la msika pa Lizulu safika pamenepo. Malonda ndi maso a anthu.

Madalitso:
Amayi, ndalamayo iyambe yakhala m'thumba. Pa maoda 21 aja, ndi angati omwe mungaloze ndi chala kuti awa anabwera chifukwa cha positi yobusitayo?

Nambewe wa ku Bembeke:
Apo ndiye mwandigwira achimwene. Foni imangolira, ine ndimangoyankha.

Madalitso:
Ndiye tiyambire pamenepo. Nambala imene mnyamatayo akukuonetsani, ya Reach, imangonena kuchuluka kwa anthu omwe positiyo inadutsa pa foni yawo. Amene anaima n'kuwerenga ndi amene anangoseresa chala, onse amawerengedwa chimodzimodzi. Munthu asanakupatseni ndalama amadutsa malo anayi: waiona positi, wadina, walemba meseji, walipira. Ziwiri zoyambazo Facebook imakuonetsani. Mameseji ali mu foni mwanu. Zakulipirazo palibe makina akuzidziwa, zili mu Airtel Money kapena Mpamba wanu ndi m'mutu mwanu basi.

Chitani izi usiku uno. Lowani pa peji, pansi pa positi iliyonse pali polemba See insights, kapena mulowere ku Professional dashboard. Mulembe pa pepala Reach ya iliyonse, ndi Link clicks ngati ilipo. Mukatero mutsegule WhatsApp, mubwerere kumayambiriro a mwezi, muwerenge macheza amodziamodzi. Muone tsiku lomwe munthu analemba koyamba ndi mawu ake oyamba. Ambiri amadziulula okha: wina amatumiza chithunzi chomwe waona, wina amati “aja a Lachisanu alipobe?”

Nambewe wa ku Bembeke:
Ntchito yake ndiye ilipo, koma ndiyesa ana akagona.

Bambo Ngozo (Lizulu):
Pepani ndilowerere. Ine peji yanga ya tomato ndi kabichi ili ndi anthu 300 okha chitsegulire. Ndamva kuti pali anyamata amagulitsa otsatira 5,000 nthawi imodzi. Alipo ali ndi nambala yawo?

Madalitso:
Bambo, imeneyo ndi nkhani ina, koma mwachidule: otsatira ogulawo sadya kabichi. Ambiri ndi maakaunti abodza a kunja, ndipo akalowa amasokoneza manambala omwe tikukambawa moti simudzadziwanso chomwe chikugwira ntchito.

Bambo Ngozo (Lizulu):
Koma peji imaoneka yaulemu ikakhala ndi anthu ambiri.

Nambewe wa ku Bembeke:
Mwadzuka bwanji nonse. Ndagona mochedwa koma ndapeza.

Vidiyo ya kumunda: Reach 9,400, mameseji 6, oda imodzi.
Chithunzi cha mtengo: Reach 780, mameseji 19, maoda 7.
Yobusita: Reach 14,000, Link clicks 210, mameseji 31, maoda 2.
Sitetasi: maoda 5, onse makasitomala akale. Oyiona sindinalembe, inafufutika.

Maoda 6 otsalawo anachita kuimba foni, sindikudziwa komwe anatenga nambala. Kunena zoona ndadabwa. Kachithunzi kaja ndinangojambula matumba atatsamira khoma, n'kulemba kuti Rozita wamkulumkulu, mtengo wake uwu, galimoto ikupita ku Lilongwe Lachisanu, titsitsira pa Wakawaka. Palibe ndi mmodzi yemwe anaikapo ndemanga yoyamikira. Pa vidiyo paja ndemanga zinali mbwee, ena mpaka “Mulungu adalitse manja anu mayi”.

Madalitso:
Madalitso amenewo alandireni, koma tiyeni tiwerenge. Maoda awiri a yobusita aja anali matumba angati, ndipo pa thumba limodzi mumatsala ndi zingati mukachotsa aganyu, thumba lenilenilo ndi thiransipoti?

Nambewe wa ku Bembeke:
Matumba atatu. Ndimatsala ndi K6,000 pa thumba zinthu zikayenda bwino.

Madalitso:
Ndiye matumba atatu akupatsani K18,000, inu munatulutsa K20,000. Mwalowa m'thumba ndi K2,000, osawerengera bandulo ndi nthawi yoyankha anthu 31. Oda iliyonse mwaigula K10,000. Nambala yofunika kumufunsa wobusita ndi imeneyo, osati 14,000 ija.

Koma musathamangire kunena kuti kubusita n'koipa. Tione kaye pomwe anthu anatayikira, chifukwa pali malo awiri pomwe pakudontha. Oyamba: anthu 210 anadina, koma olemba ndi 31 okha. Enawo, pafupifupi 180, anathera panjira. Achiwiri: pa 31 olembawo, ogula ndi awiri, pamene pa kachithunzi kaja pa anthu 19 anagula 7. Kusiyana kotereku sikungochitika. Pa yobusitayo munalembapo chiyani?

Nambewe wa ku Bembeke:
Analemba ndi mnyamatayo. Anaika chithunzi chokongola cha kachewere wotsuka, n'kulemba m'Chingerezi kuti kachewere wabwino wochokera ku Dedza, dinani apa. Mtengo anati tisaike, akuti anthu azichita kufunsa kuti mameseji achuluke.

Gift Maseko:
Pamenepo mnyamatayo sanalakwe. Ukaika mtengo anzako ogulitsa amaona n'kutsitsa wawo. Komanso munthu akalowa ku inibokisi umatha kumunyengerera.

Madalitso:
Achimwene a Gift, zoti mameseji amachuluka ukabisa mtengo ndi zoona. Funso ndi lakuti ndi mameseji a mtundu wanji. Amayi, bwererani kwa anthu 29 omwe sanagule aja, muwaike m'magulu malinga ndi pomwe macheza anathera.

Nambewe wa ku Bembeke:
Ndawerenga. Anthu 14 anali akutali: Mzuzu, Karonga, Mangochi, Nsanje, wina mpaka ali ku Joni akufunsa ngati ndingakasiyire mayi ake ku Mulanje. Anthu 9 anangoti “zingati?”, nditawauza anangoti zii. Anthu 6 ndinawayankha mawa lake chifukwa tsiku limenelo ndinali kudimba komwe netiweki imavuta, ndipo awiri mwa iwo anandiuza kuti agula kale kwina.

Madalitso:
Basitu, matenda atatu osiyana, aliyense ndi mankhwala ake.

Anthu 14 akutaliwo akutiuza kuti pobusita anasankha Malawi yense. Ndalama yanu yambiri inapita kukaonetsa kachewere kwa anthu omwe galimoto yanu sifikako. Pobusita pali malo olemba Audience, pamenepo munthu amasankha mzinda ndi makilomita ozungulira. Inu mumatsitsa ku Lilongwe, ndiye asankhe Lilongwe. Reach idzatsika kwambiri ndipo mnyamatayo sadzakhala ndi nambala yaikulu yokuonetsani, koma zimenezo zisakudandaulitseni.

Anthu 9 a “zingati” aja, mtengo ukanakhala pa positi sakanalemba n'komwe, ndipo simukanataya kanthu. Mtengo umasefa anthu asanafike kwa inu. N'chifukwa chake pa kachithunzi kaja olemba anali ochepa koma okonzeka: anaona mtengo, tsiku ndi potsitsira, chotsala chinali kungonena matumba angati.

Anthu 6 omalizawo ndiye akundipweteka mtima, chifukwa positi inagwira ntchito yake, malonda anafera m'manja mwanu. Wa chiwaya akafuna kachewere amafuna wa mawa m'mawa, sangadikire. Mukanangoyang'ana manambala a Facebook mukanaimba mlandu positi, chonsecho vuto ndi dimba lopanda netiweki. Tsiku lomwe mwaika positi ya malonda, foni izitsala ndi munthu pamalo ogwira netiweki.

Nambewe wa ku Bembeke:
Nanga aja anadina osalemba?

Madalitso:
Amenewo ndi ovuta kuwadziwa bwinobwino chifukwa sanasiye mawu. Ena chala chimangogunda poseresa. Ena amadina, WhatsApp n'kutseguka, n'kuchita ulesi kulemba. Ena amakhala ndi bandulo ya Facebook yokha, ndiye meseji ya WhatsApp siyipita. Komanso Link clicks imawerenga kudina, osati anthu, moti wodina katatu amawerengedwa katatu. Chomwe mungayese nokha ndi linkiyo: mubwereke foni ya munthu wina, mudine, muone ngati ikukufikitsani pa nambala yanu msanga. Ndinaonapo linki yomwe analemba 265 koma osachotsa 0 wa kumayambiriro kwa nambala, anthu amadina n'kuuzidwa kuti nambalayo palibe pa WhatsApp. Yanuyi iyenera kuti ili bwino poti 31 anadutsa, koma yesanibe. Muonetsetsenso kuti nambala yomwe akukuwerengerani ndi Link clicks, chifukwa pali ina yophatikiza aliyense wodina chithunzi kuti achikulitse kapena wodina See more. Imeneyo imakhala yaikulu koma siyikhudzana ndi kubwera kwa inu.

Gift Maseko:
Chabwino, pa zobusita ndagonja pang'ono. Koma vidiyo ija mukuyiponderezatu. Mukuti inabweretsa oda imodzi. Nanga anthu 7 anagula pa kachithunzi aja, pejiyo anaidziwa bwanji? Si vidiyo yomweyo inawakoka? Munthu satumiza ndalama kwa mayi amene sanamuonepo nkhope. Anaona kaye kuti mayiwa ali ndi munda weniweni, si akuba a pa foni ayi, kenako mtengo utabwera anagula.

Nambewe wa ku Bembeke:
A Gift akunena zoona penapake. Mmodzi wa ku Kawale polipira anandiuza kuti “ndinakuonani mukukumba paja”.

Madalitso:
Apo sinditsutsa. Kawerengedwe kathuka kamapereka ulemu wonse kwa positi yomaliza imene munthu anaona asanalembe, yoyamba ija n'kuiwalika. Ndiye sindikunena kuti musiye mavidiyo. Ndikunena kuti vidiyo musaiyeze ndi maoda a tsiku lomwelo, ndipo musaganize kuti Reach 9,400 ndi malonda. Muone mu Insights ngati otsatira peji anachuluka sabata ya vidiyoyo, ndipo aliyense wogula koyamba muzimufunsa mafunso awiri: “munandidziwira kuti?” ndi “lero mwaona chiyani kuti mulembe?” Mayankho ake amasiyana kawirikawiri.

Gift Maseko:
Ndiye mukuvomereza kuti vidiyo ndi yomwe inagulitsa.

Madalitso:
Mmodzi pa 7 ndi amene wanena. Enawo sitinawafunse.

Nangozo wa kaunjika (Ntcheu boma):
Ine ndiyankhulepo za sitetasi poti ndi pomwe ndimadyera. Peji ndilibe n'komwe. Ndikatsegula belo ndimajambula chovala chimodzichimodzi, ndiye ndinazolowera kuti sitetasi isanathe maola 24 ndimayang'ana kadiso kaja n'kulemba nambala mu kope. Mukachedwa yapita, ngati mmene zachitikira kwa a Nambewe. Komanso nambalayo siyikwana, chifukwa amene anazimitsa Read receipts amaona koma satuluka pa mndandanda. Ndili ndi kasitomala wina mphunzitsi, sindinamuonepo pa oona sitetasi, koma ndi woyamba kulemba.

Chomwe ndikufuna kuchenjeza ndi mawu oti oda. Kwa ine Loweruka lina nditaika madiresi, anthu analemba 17 kuti “ndisungireni asisi”. Ndikanawerenga amenewo ndikanati sitetasi imeneyo ndi yamphamvu kuposa zonse. Obwera ndi ndalama anali 4. Pamene majuzi a ana nthawi yozizira ija, olemba anali 6, onse 6 analipira tsiku lomwelo. Panopa kwa ine oda ndi imene ndalama yalowa, kaya ndi theka. “Ndisungireni” ndimamulemba mbali ina.

Nambewe wa ku Bembeke:
Anga 21 aja ndi olipira asisi. Koma ndikawerenga olonjeza akanapitirira 30.

Madalitso:
A Nangozo anena chinthu chachikulu. Ngati muli pa WhatsApp Business, pali Labels kapena Lists zobwera kale monga New order, Pending payment ndi Paid. Munthu akangolonjeza mumamuika pa Pending payment, ndalama ikalowa mumamusamutsira pa Paid. Pakutha pa mwezi mumangodina Paid n'kuwerenga.

Tsopano kuti mwezi wamawa musadzagonenso pakati pa usiku kufufuza macheza, positi iliyonse izikhala ndi chizindikiro chake. Linki ya WhatsApp imalola kuti muikiretu mawu oti munthu akadina awapeze atalembedwa kale:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20kachewere%20B2
```

Pa ma X mukuika nambala yanu yopanda 0 woyamba, ndipo `%20` akuimira mpata pakati pa mawu. Positi ina muika B3, yobusita muika C1, basi. Meseji ikafika ndi B2 mwadziwa kale komwe yachokera. Zimathandizanso aulesi aja, poti sakufunika kulemba kanthu, angodina kutumiza.

Kope lanu likhale ndi masamba awiri. Tsamba la mapositi: tsiku, chizindikiro, Reach, Link clicks, mameseji, maoda olipira, matumba. Tsamba la anthu: tsiku, komwe ali, chizindikiro, wagula kapena ayi, ndipo ngati sanagule, chifukwa chake m'mawu awiri, monga “kutali”, “mtengo”, “ndinachedwa”. Manambala a Facebook muziwalemba positi ikatha masiku ofanana, tinene masiku 7, chifukwa ya dzulo simungaiyerekeze ndi ya masabata atatu apitawo yomwe yakhala ikuyendabe.

Nangozo wa kaunjika (Ntcheu boma):
Nanga oimba foni? Makasitomala anga akuluakulu salemba, amaimba. Ena chithunzi anachita kutumiziridwa ndi mnzawo pa gulu la kumpingo, linki palibe.

Madalitso:
Amenewo palibe njira ina koma kuwafunsa pakamwa. Mukhozanso kulemba chizindikirocho pa chithunzi penipenipo pamodzi ndi nambala, kuti chikamayenda m'magulu chiziyenda nacho. Komabe ena adzangoti “ndinaona pa foni”. Muwalembe kuti osadziwika, musawakankhire ku positi yomwe mumaikonda. Kwa a Nambewe osadziwika ndi 6 pa 21. Atakhala kuti onsewo anachokera ku yobusita, nkhani yonse ikusintha: maoda akhala 8 m'malo mwa 2. Sindikukhulupirira kuti zili choncho, koma ndi zotheka, ndiye aimbireni muwafunse. Nambala zawo muli nazo.

Gift Maseko:
Ehee! Ndiye mlandu wa mnyamata uja sunathe.

Nambewe wa ku Bembeke:
Ndaimbira anayi, awiri sakuyankha. Awiri akuti nambala anapatsidwa ndi dalaivala wa galimoto yomwe imanyamula katundu wanga. Mmodzi akuti anapatsidwa ndi mnzake wa chiwaya ku Mchesi. Winayo akuti pa Facebook koma sakukumbuka kuti positi iti.

Bambo Ngozo (Lizulu):
Ndiye K20,000 ija mukanangomugulira dalaivala fanta ndi nkhuku. Ife kuno pa msewu timadziwa kale kuti madalaivala ndi makondakitala ndiwo peji yeniyeni.

Nambewe wa ku Bembeke:
Kkkk bambo, nkhukuyo ndimupatsadi. Ndiye achimwene a Madalitso, ndingoti kachithunzi ka mtengo ndiye kopambana, ndiziika komweko sabata iliyonse?

Madalitso:
Munakaika tsiku lanji?

Nambewe wa ku Bembeke:
Pa 27. Vidiyo inali pa 9, yobusita inayenda kuyambira pa 13 mpaka pa 17.

Madalitso:
Apo pali kanthu kena. Pa 27 ndi kumapeto kwa mwezi, anthu a m'tauni alandira, chipisi chikuyenda, a chiwaya akuwonjezera katundu. Yobusita inayenda pakati pa mwezi pomwe matumba a anthu ali pululu. Ndiye sitikudziwa kuti mwa maoda 7 aja, angati anabwera chifukwa cha kalembedwe ka positi, angati chifukwa cha tsiku. Komanso 7 ndi nambala yaing'ono. Anthu awiri akanakhala kuti anapita ku maliro sabata imeneyo, bwenzi tikunena 5.

Njira yake ndi kubwereza, n'kusintha chinthu chimodzi chokha. Ikani kachithunzi ka mtundu womwewo, mawu omwewo, ola lomwelo, koma pakati pa mwezi. Kakabweretsanso anthu olipira ochuluka pa olemba, ndiye kuti mphamvu ili mu kalembedwe. Kakagwa, ndiye kuti tsiku linathandiza kwambiri, ndipo mwaphunzira nthawi yoyenera kukumba wambiri. Mukasintha chithunzi, mawu, tsiku ndi mtengo nthawi imodzi, kaya ziyende kaya zikanike, simudzadziwa chachititsa.

Za kubusita, ine ndikanakhala inu sindikanapereka K20,000 pa positi yomwe ija. Ndikanatenga K10,000, n'kubusita kachithunzi ka mtengo, Lilongwe yokha, masiku oyandikira ulendo wa galimoto, linki yokhala ndi chizindikiro, foni ili ndi munthu. Ndipo muikiretu malire musanayambe: pa K6,000 pa thumba, K10,000 ikufunika matumba awiri kuti ingobwerera. Akapanda kukwana anayi, ine ndingati sizikupindulitsa mokwanira kuti muzivutika nazo. Mnyamatayo akutumizireni chithunzi cha Audience asanadine kulipira, ndi cha ndalama zomwe zapitadi ku Facebook, kuti mudziwe kuti yake ndi zingati.

Gift Maseko:
Malire amenewo ndi okhwima kwambiri. Wa chiwaya akakukonda amagula sabata iliyonse. Awiri a yobusita aja akabweranso kawiri kokha, K20,000 yabwerera ndi phindu pamwamba. Inu mukuwerenga ngati munthu amagula kamodzi n'kumwalira.

Madalitso:
Akabweranso, inde, ndipo tsamba la anthu lija lidzaonetsa. Koma tiwerenge akabwera, osati tisanawaone. Amayi, abweranso?

Nambewe wa ku Bembeke:
Mmodzi walemba dzulo kufunsa ngati Lachisanu kuli galimoto, koma sanatumize kanthu. Winayo anali mayi wogulira ukwati, sindikuganiza kuti abweranso.

Nangozo wa kaunjika (Ntcheu boma):
Ameneyo ndi “ndisungireni” mpaka ndalama ilowe.

Nambewe wa ku Bembeke:
Ndamuika pa Pending payment. Funso lina achimwene: sabata ya mawa ndiyamba kukumba Vayoleti, ndipo mtengo wake ndi wosiyana ndi wa Rozita. Ndiike zonse pa chithunzi chimodzi cha pakati pa mwezi chija, kapena ndiye kusintha zinthu ziwiri komwe mukuletsa kuja?

Madalitso:
Ndi komweko. Rozita akhale yekha ndi B2 monga poyamba. Vayoleti mumuikire positi yake tsiku lina, mumupatse V1.

Gift Maseko:
Ndipo pokumba Vayoletiyo mujambulenso vidiyo, tidzaone ngati a Madalitso sadzasintha mawu.